Chepetsani masekondi: kasitomala wa m'maesiteti ndiye amalipira vidiyo yanu

Wamalonda akaimika chikwangwani pamsewu wochoka ku Limbe kudutsa pa Bvumbwe mpaka pa boma la Thyolo, ndalama yonse imachoka m'thumba mwake. Wodutsa amangoponyapo maso n'kupitiriza ulendo osataya ngakhale tambala. Malonda a pafoni sali choncho. Wamalonda akaika vidiyo pa sitetasi ya WhatsApp, iye amalipira kamodzi kokha poikweza, koma aliyense amene waitsegula amalipiranso payekha kuchokera m'bandulo yake. Izi ndi zimene ochita geni ambiri ozungulira minda ya tiyi sanaziganizire bwino, ndipo zikuwatayitsa makasitomala mwakachetechete.

Maganizo a gawo lino sabata ino ndi akuti vidiyo yotsatsa malonda kwa anthu a m'maesiteti isapitirire masekondi 15, ndipo nthawi zambiri chithunzi chimodzi chokhala ndi mtengo chimagwira ntchito kuposa vidiyo.

Choyamba n'kudziwa munthu amene akuonerayo. Ku Thyolo ndalama zambiri zimene zimazungulira m'misika ya Luchenza, Bvumbwe, Makwasa ndi pa boma zimachokera m'minda ya tiyi monga Satemwa, yomwe idayamba mu 1923, Conforzi, Makandi, Naming'omba ndi Nchima, kuphatikizapo alimi ang'onoang'ono omwe amagulitsa masamba kumafakitale. Ntchito yothyola tiyi imachuluka nthawi ya dzinja, kuyambira cha mu Disembala mpaka Epulo, ndipo ikafika nyengo yachilimwe anthu ambiri aganyu amakhala pakhomo. Ndalama ya munthu wotere imabwera pa tsiku lake ndipo imafika itagawidwa kale: ufa, sopo, ngongole ya paokala, za ana kusukulu. Bandulo imagulidwa ndi zotsala, ndipo nthawi zambiri ndi yaing'ono, ya tsiku limodzi kapena ya sabata. Ntchito yake yeniyeni n'kulankhula ndi mwana amene ali ku Blantyre kapena m'bale amene ali ku Joni. Vidiyo ya malonda ikalowa m'foni imeneyo imadya gawo la macheza amenewo.

Nanga imadya zingati? Kuwerengera kwake n'kosavuta. Vidiyo ili ngati madzi otuluka pampopi: pali kukula kwa mpopi, palinso nthawi imene mpopiwo watsegulidwa. Kukula kwa mpopi ndiko kuchuluka kwa deta imene vidiyo imafuna pa sekondi iliyonse, ndipo akatswiri amakuyeza m'mamegabiti. Mamegabiti 8 amapanga megabaiti imodzi, yomwe pafoni imalembedwa MB, ndipo imeneyo ndiyo imachotsedwa m'bandulo. Choncho vidiyo yoyenda pa mamegabiti 1.6 pa sekondi imadya MB imodzi pa masekondi 5 alionse. Ya masekondi 15 imatha MB 3, ya masekondi 30 imatha MB 6, pomwe ya mphindi yathunthu imatha MB 12. Utali ukawirikiza kawiri, mtengo woonera umawirikizanso kawiri.

Nambala zimenezi zimamveka bwino zikasanduka makwacha. Mitengo ya mabandulo a TNM ndi Airtel imasintha, choncho wamalonda aliyense awerengere ndi bandulo imene makasitomala ake amagula: atenge mtengo wake n'kugawa ndi ma MB ake. Pofuna kuti masamu aoneke poyera, chitsanzo chongoyerekeza chikhale bandulo ya K1,000 yokhala ndi MB 500, kutanthauza K2 pa MB iliyonse.

M'chitsanzo chomwechi muli mayi wogulitsa magambuti ndi majasi a mvula pamsika wa Luchenza, katundu amene amayenda kwambiri mvula ikayamba chifukwa wothyola tiyi amalowa m'munda mame ali tho. Mayiyu ali ndi anthu 200 amene amaona sitetasi yake. Wajambula vidiyo ya mphindi imodzi: wayamba ndi moni, wazungulitsa kamera kuonetsa msika wonse, waika nyimbo, ndipo mtengo wautchula kumapeto. Vidiyoyo yatuluka MB 12. Iye poikweza walipira K24, ndipo akuona ngati watsatsa malonda motchipa. Koma anthu 200 aja akaionera onse, pamodzi atha MB 2,400, zomwe ndi K4,800. Ndalama imeneyo sinapite kwa mayiyo ndipo sinagule gambuti ngakhale imodzi.

Wina anganene kuti K24 pa munthu si kanthu. N'zoona, ikakhala kamodzi. Koma mayiyu amaika vidiyo yotere tsiku lililonse. Munthu amene angaionere masiku 30 atha MB 360, pomwe bandulo yake ili ndi MB 500. Ndipo m'foni mwakemo mulinso wogulitsa kaunjika, wa nsomba zouma, wa feteleza ndi wakabaza, onse ndi mavidiyo awo. Munthu sachita kufunika masamu kuti azindikire chimene chikumuthera deta. Amangoona kuti akatsegula masitetasi bandulo siifika madzulo, ndiye amabisa sitetasi ya amene amaika zazitali. WhatsApp siuza wamalonda kuti wabisidwa. Iye amangodabwa kuti oonera atsika kuchoka pa 200 kufika pa 60, n'kuyamba kunena kuti msika waipa.

Mayi yemweyo akadula vidiyo ija kukhala ya masekondi 15, imatsika kufika pa MB 3. Woonera aliyense alipira K6, ndipo anthu 200 pamodzi alipira K1,200 m'malo mwa K4,800. Akasankha chithunzi, chomwe WhatsApp imachichepetsa kufika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a MB, woonera alipira matambala 20 okha. Zithunzi 120 zotere ndiye zimafanana ndi vidiyo imodzi ija ya mphindi.

Pali mtengo wina umene sulembedwa m'makwacha, ndiwo kudikira. Thyolo ndi dera la zitunda ndi zigwa. Pamwamba pa chitunda netiweki imagwira bwino, koma munthu akatsikira kudambo kapena kulowa m'makomboni ena, pakona ya foni pamatuluka chilembo E, chizindikiro chakuti deta ikuyenda pang'onopang'ono, mwina makilobiti 200 pa sekondi pamene zili bwino. Pa liwiro limenelo vidiyo ya MB 12 imafuna mphindi 8 kuti ilowe yonse. Ya MB 3 imafuna mphindi 2, pomwe chithunzi chimalowa m'masekondi 4. Munthu amene wapuma pang'ono podikira kuti masamba ake aikidwe pasikelo sangakhale mphindi 8 akuyang'ana kachizindikiro kozungulira pafoni. Amadumpha. Choipa n'chakuti kagawo kamene kanalowa kale kachotsedwa m'bandulo yake, ndipo mtengo wa magambuti sanaumve chifukwa unali kumapeto.

Apa ndi pamene pagona luso lokonza vidiyo yaifupi. Masekondi 15 ndi okwanira ngati aliyense ali ndi ntchito yake. Masekondi atatu oyamba aonetse katundu pafupi, mtengo utalembedwa m'zilembo zazikulu, kuti ngakhale amene adumphe akhale atadziwa kuti pali magambuti ndipo ndi a ndalama zakutizakuti. Masekondi asanu ndi limodzi otsatira aonetse chinthu chimodzi chimene chithunzi sichingathe kuonetsa: dzanja likupinda gambuti kusonyeza kuti siisweka, kapena madzi akuthiridwa pajasi n'kutsetsereka osalowa. Masekondi otsalawo anene malo ndi tsiku, monga kuti ali mzere uti pamsika, komanso nambala yolipirira pa Airtel Money kapena Mpamba. Moni wautali, dzina la bizinesi louluka ndi nyimbo zoyambira zonse zichoke. Kunena zoona, nyimbo payokha siilemera kwambiri poyerekeza ndi zithunzi zoyenda. Vuto lake n'lakuti imanyengerera wojambula kutalikitsa vidiyo kuti kolasi ithe.

Mtengo ndi nambala zilembedwe, zisangonenedwa pakamwa. Anthu ambiri amaonera foni mawu atazimitsa, makamaka pagulu kapena m'minibasi. Zilembozo zikhale zikuluzikulu, zakuda pamalo oyera kapena zoyera pamalo akuda, chifukwa vidiyo ikapanikizidwa kuti ichepe, zoyamba kufufutika ndi timalemba ting'onoting'ono. Njira yosafuna pulogalamu iliyonse ndiyo kulemba mtengo ndi cholembera chachikulu pakatoni n'kuiimika pambali pa katunduyo pojambula.

Malo ojambulira nawonso ali ndi gawo pa kulemera kwa vidiyo, ndipo apa anthu a ku Thyolo ali ndi yesero lawo. Minda ya tiyi ndi yokongola, ndipo aliyense amafuna kuti kumbuyo kwake kuoneke zobiriwira. Koma vidiyo imachepetsedwa posunga zokhazo zimene zasintha kuchokera pachithunzi chimodzi kupita pa china. Khoma silisintha, choncho silidya deta yambiri. Masamba zikwizikwi ogwedezeka ndi mphepo amasintha nthawi zonse. Chimodzimodzinso khamu la pamsika, mvula ikugwa, ndi kamera yonjenjemera m'manja. Zotsatira zake zimakhala ziwiri: mwina vidiyo ilemera, kapena pulogalamu ikaikakamiza kuchepa, chithunzi chimaphwanyika n'kukhala timabokosi, katundu osaonekanso bwino. Wamalonda wochenjera amaimika foni pampando kapena pamulu wa njerwa, amaika katundu kutsogolo kwa khoma kapena nsalu ya mtundu umodzi, ndipo amajambula panja pamthunzi kukuwala. Kujambula mumdima kumadzaza vidiyo ndi timadontho tothwanima, ndipo nato timadya deta popanda chimene taonetsa.

Komabe kufupika pakokha sikutanthauza kupepuka, ndipo apa ambiri amagwa. Kamera ya foni ikajambula pa 1080p imatulutsa vidiyo yolemera kuposa MB 100 pa mphindi. Ikatumizidwa mwa masiku onse, WhatsApp imaipanikiza yokha. Koma ena, poona kuti chithunzi chafooka, amaitumiza m'magulu ngati Document kuti isapanikizidwe. Zikatero kavidiyo ka masekondi 10 kamatha kufika MB 20, kuposa ya mphindi yathunthu ija. Batani la HD, lomwe WhatsApp idabweretsa mu 2023, nalonso limakweza kulemera. Ndi labwino kwa wogulitsa galimoto amene kasitomala wake wapempha yekha kuti aone bwinobwino, koma si loyenera gulu la anthu 200 a mabandulo a tsiku limodzi.

Achinyamata amene amakonzera anthu mavidiyo pa mtengo, pogwiritsa ntchito mapulogalamu monga CapCut, ali ndi udindo pano. Pomaliza ntchito pulogalamuyo imafunsa Resolution ndi Frame rate. Pafoni ya m'manja 480p imakwanira kuonetsa gambuti ndi mtengo wake, ndipo zithunzi 24 kapena 30 pa sekondi n'zokwanira. Kusankha 60 n'kungolemetsa katundu. Wamalonda polandira ntchito asangofunsa ngati vidiyo yakongola. Afunse kuti ndi ya masekondi angati ndipo ikulemera ma MB angati, monga momwe amafunsira kulemera kwa thumba la nyemba asanalipire.

Kuyeza kwake sikufuna katswiri. Wamalonda atumize vidiyoyo kufoni ya m'bale wake. Isanatsegulidwe, pakati pake pamaoneka nambala ya ma MB, ndipo imeneyo ndi imene kasitomala aliyense adzaione asanaganize zotsegula kapena kusiya. Za sitetasi, pafoni ya Android ya m'baleyo alowe mu WhatsApp pa Settings, kenako Storage and data, kenako Network usage. Pansi pali Reset statistics, pofufutira mawerengero akale. Akafufuta, aonere sitetasi ya wamalondayo n'kubwereranso pamzere wa Status kukaona deta imene yalowa. Nambala imeneyo aichulukitse ndi mtengo wa MB imodzi, ndiye wadziwa chimene akulipiritsa anthu ake.

Pa Storage and data pomwepo pali mfundo ina yothandiza. WhatsApp ikangoikidwa m'foni, zithunzi zimalowa zokha munthu akakhala pa deta ya m'foni, koma mavidiyo amadikira kuti mwini foni adine. Choncho m'gulu la mpingo, la banki m'khonde kapena la ogwira ntchito pa esiteti, chithunzi chimaonedwa ndi pafupifupi aliyense, pomwe vidiyo imaonedwa ndi okhawo amene alolera kulipira.

Pali zotsutsa zomwe n'zofunika kuziyankha mwachilungamo. Choyamba, amalonda amati malonda ndi m'maso, ndipo vidiyo imakopa kuposa chithunzi. Pa katundu wina izi n'zoona. Wailesi iyenera kumveka, tochi ya sola iyenera kuyaka, chitenje chiyenera kutambasulidwa kuti maluwa ake aoneke. Koma tomato, nthochi, ufa, makala ndi sopo sizichita kanthu pa vidiyo kamene chithunzi chingalephere. Muyeso wake ndi funso limodzi: kodi pali chimene chikuyenda kapena kumveka chimene wogula ayenera kuona asanatulutse ndalama? Ngati palibe, vidiyo ndi msonkho wopanda chifukwa. Ngati chilipo, chionetsedwe chokhacho. Amene akufuna zambiri afunse, ndipo iyeyo yekha atumiziridwe vidiyo yaitali, chifukwa wasankha yekha kulipira.

Chachiwiri, ena amati anthu ambiri amagula mabandulo apadera a WhatsApp ndi Facebook omwe ndi otsika mtengo. N'zoona kuti MB ya m'bandulo yotere imatchipa, koma nayonso imakhala ndi malire, ndipo nthawi yodikira pa netiweki yofooka siichepa chifukwa bandulo ndi yotchipa. Palinso msampha: wamalonda akatumiza linki ya TikTok kapena YouTube m'gulu la WhatsApp, woidina amatuluka m'bandulo yotchipa ija. Mwina vidiyo siitseguka n'komwe, kapena foni imayamba kudya mayunitsi pa mtengo wa kunja kwa bandulo, womwe kawirikawiri umaposa wa m'bandulo. Munthu amene mayunitsi ake athera pa malonda a wina sadzadinanso linki ya munthu ameneyo.

Chachitatu n'chokhudza makasitomala amene kuwerenga kumawavuta, ndipo m'midzi yozungulira maesiteti alipo. Kwa iwo yankho ndi uthenga wa mawu. Mawu ojambulidwa pa WhatsApp kwa mphindi yathunthu amalemera mofanana ndi chithunzi chimodzi kapena ziwiri. Chithunzi cha katundu chotsagana ndi mawu a masekondi 20 onena mtengo ndi malo, m'Chichewa kapena m'Chilhomwe malinga ndi gulu, chimafikitsa uthenga wonse osakwanitsa ngakhale theka la MB.

Mu 2024 WhatsApp idakweza utali wa vidiyo ya pa sitetasi kuchoka pa masekondi 30 kufika pa mphindi imodzi. Amalonda ena adaona ngati apatsidwa malo aulere oti adzaze. Koma malire amenewo sadaikidwe poganizira munthu amene amagula deta ndi chenji cha paokala.

Nthawi yoika malonda nayo iganiziridwe. Masiku a malipiro m'maesiteti ndi pamene anthu amakhala ndi bandulo yatsopano komanso ndalama yogulira, ndiye ngati pali vidiyo ya masekondi 15 yoti ituluke, ituluke pamenepo, madzulo anthu ataweruka. Masiku apakati, pamene matumba auma, chithunzi chimodzi kapena mawu olembedwa n'zokwanira kukumbutsa anthu kuti geni ikadalipo. Kuika zithunzi 20 motsatizana sikuthandizanso, chifukwa zonse pamodzi zimayandikira kulemera kwa vidiyo, ndipo palibe amene amafika pa chomaliza. Zitatu n'zokwanira.

Wamalonda amene akukayika ayese yekha kwa masabata awiri. Sabata yoyamba aike monga mwa nthawi zonse, ndipo tsiku lililonse alembe m'kope chiwerengero cha oonera, chomwe chimaoneka pa kachizindikiro ka diso pansi pa sitetasi, komanso cha anthu amene afunsa mtengo. Sabata yachiwiri aike chithunzi chokhala ndi mtengo, ndi vidiyo imodzi yokha ya masekondi 15. Posankha masabatawo aonetsetse kuti onse ali kutali mofanana ndi tsiku la malipiro, kuopa kuyamikira vidiyo pa zimene zachitika chifukwa cha ndalama za pa esiteti. Nambala yofunika kwambiri ndi ya ofunsa mtengo, chifukwa WhatsApp imawerenga munthu ngati waonera ngakhale atangotsegula n'kudumpha. Ngati ofunsa sanatsike, ndiye kuti masekondi 45 amene adadulidwa aja sankagulitsa kanthu, ankangodya mabandulo a makasitomala.